Probox si lole, tisaiphe ndi matumba a nandolo

Nyengo ya nandolo ikafika, imani pamsewu wochokera m'midzi ya kwa Kaduya kulowera ku Migowi muone mmene Probox imadutsira: kumbuyo yakhala pansi, mphuno yaloza kumwamba, chitseko chakumbuyo chamangidwa ndi linya. Mwini wake mukamufunsa amati, "Achimwene, Toyota ndi Toyota, siifa." Ine ndikuti imafa, ndipo tikuipha tokha chifukwa sitiweramako kuti tione mmene inapangidwira.

Gwadani pansi pa Hilux. Muona zitsulo ziwiri zochindikala zoyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zina zopingasa ngati makwerero. Imeneyo ndiyo chasisi. Injini, masipuling'i ndi matayala zonse zimagwira pamenepo, ndipo bodi amangoikhazika pamwamba n'kumanga ndi mabawuti, pakati n'kuika mphira. Katundu akalemera, galimoto ikapendekeka pamigula ya msewu, chopirira ndi chasisiyo. Umu ndi mmene anapangira Land Cruiser, Prado, Fortuner, Isuzu D-Max, Ford Ranger, malole a Canter ndi Dyna, ngakhale kagalimoto ka Suzuki Jimny.

Tsopano gwadani pansi pa Probox, Sienta kapena Vitz. Makwerero aja simuwapeza. Pansi, nsanamira za m'mbali mwa zitseko ndi denga zonse ndi malata opindidwa n'kuwotcherera pamodzi kukhala bokosi limodzi. Mphamvu yake ili m'mapindidwe, monga mmene lata lofolera limalimbira chifukwa cha mizere yake. Ndi luso labwino ndithu: galimoto imapepuka, imamwa mafuta ochepa, ndipo pangozi kutsogolo kumafwanyika kuti anthu ali m'kati apulumuke. Koma bokosi limeneli linayezedwa pa mulingo wake, ndipo mulingowo ambiri a ife timaunyoza.

Pachitseko chakumbuyo cha Probox zambiri zochokera ku Japan pali kachikwangwani ka zilembo za Chijapani kothera ndi 400kg. Kutanthauza matumba 8 a makilogalamu 50, anthu awiri okha kutsogolo. Mlamu wanga ankapakira matumba 15, omwe ndi makilogalamu 750, n'kukwezanso eni katundu awiri. Galimoto itayamba kukhula pansi, makaniko wina anamuikira masipuling'i olimba kumbuyo kuti ikwere. Inakweradi, iye n'kusangalala. Koma sipuling'i yolimba simeza bampu, imangoipereka yonse ku lata lopyapyala lomwe yatsamirapo. Chaka chisanathe, chitseko chakumanzere chinayamba kufuna kumenyetsa kuti chitsekeke. Kenako fumbi linayamba kulowa m'kati mawindo ali otseka. Titachotsa kapeti kumbuyo, tinapeza mng'alu wautali ngati chala pamene pamagwira shoko.

Anthu ambiri poona chitseko chovuta amathamangira kukonzetsa loko. Koma vuto silikhala loko nthawi zonse ayi. Pagalimoto yopanda chasisi, chitseko chikaleka kukwana pamalo pake mwina ndiye kuti bokosi lonse lapotoka. Zizindikiro zina ndi tayala lodyeka mbali imodzi ngakhale mwangowongoletsa kumene, galasi lakutsogolo long'aluka popanda mwala woligenda, ndi galimoto yoyenda chopendekeka ngati nkhanu mukaitsatira kumbuyo. Wowotcherera wa pamsika angamate mng'aluwo, koma kutentha kwa moto wake kumafooketsa lata loyandikana, ndipo mng'alu umatulukiranso pambali pa chigambacho. Kuwongola bodi yotere kumafuna benchi yokokera ndi kuyeza, osati nyundo pansi pa mtengo wa mango.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ogulitsa galimoto amene amauza mphunzitsi kapena mlimi wa kuno kuti RAV4 kapena X-Trail ndi "Land Cruiser yaing'ono". Limenelo ndi bodza logulitsira malonda. Galimoto zimenezi n'zazitali, zina zimakoka ndi matayala onse anayi, ndipo m'matope a dzinja zimadutsa bwino, koma kapangidwe kake ndi ka bokosi lomwe lija la Sienta. Ngakhale Nissan NP200, yomwe ili ndi bodi yapikapu, ilibe chasisi yapayokha.

Ndikudziwa yankho la mlamu wanga, ndipo si lachibwana: Hilux ndi yodula, imamwa mafuta ambiri, ndalama zake azitenga kuti? Nayonso chasisi ili ndi malire. Mukaunjika matumba kumapeto kwa bodi, kuseri kwa matayala akumbuyo, imapindika pakati, ndipo mpata wa pakati pa bodi ndi kanyumba ka dalaivala umayamba kukula chakumwamba. Matope akauma m'kati mwa zitsulo zija osatsukidwa, dzimbiri limadya mwakachetechete. Koma chasisi ya lole wodziwa ntchito angathe kuiwongola kapena kuilimbitsa ndi chigamba cha chitsulo. Ndiye amene ali ndi Probox ayende maulendo awiri a matumba 8, kapena alimi anayi asonkherane n'kuchita hayala Canter imodzi. Probox ya mlamu wanga inagulidwa ndi ophwasula zitsulo, injini yake ikulira bwinobwino.