Makina asankhe mutu, koma asatiphunzitse kulemba

Pali kachizolowezi kamene kalowa pakati pa anyamata ndi atsikana oyendetsa masamba a nkhani pa Facebook, kuyambira ku Blantyre mpaka kuno kwa Kapichi m'boma la Thyolo, ndipo kakundiyabwa. Munthu amalemba nkhani imodzi, n'kuipatsa mitu iwiri, n'kuuza makina kuti ayese kuti anthu akudina kwambiri uti. Makinawo amaonetsa mutu woyamba kwa gulu lina la owerenga, wachiwiri kwa gulu lina, ndipo pakapita kanthawi amalengeza wopambana n'kuutumiza kwa otsala onse. Mpaka apa palibe mlandu. Mlandu umayamba mwini tsamba akatenga chigamulocho n'kuyamba kuyenda nacho ngati wabwera ndi malamulo kuchokera kuphiri: "Owerenga athu amakonda mutu woopseza. Taona umboni, wapambana ndi 40 peresenti." Ukafunsa kuti 40 peresenti ya anthu angati, nkhani imasanduka ya mpira. Ine peresenti yoyenda yokha, yopanda chiwerengero cha anthu kumbuyo kwake, ndinasiya kalekale kuipatsa moni, kaya yachokera kwa wandale, kaya kwa makina.

Tiyerekeze tsamba la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno kwa Kapichi likulengeza za mtengo wa masamba aawisi. Mutu woyamba ukuti "Mtengo watsopano wa masamba a tiyi walengezedwa". Wachiwiri ukuti "Alimi a tiyi alira ndi mtengo watsopano". Uliwonse waonekera kwa anthu 500. Woyamba adina anthu 25, wachiwiri anthu 35. Ndiye kuti woyamba wakoka anthu 5 pa 100 alionse, wachiwiri 7 pa 100, ndipo 35 ikuposa 25 ndi 40 peresenti ndithu, makina sananame. Koma kusiyana konseko ndi anthu khumi. Funso loyenera ndi lakuti: mitu iwiriyi ikanakhala yofanana mphamvu ndendende, kodi kusiyana kwa anthu khumi kukanadabwitsa? Pali njira yachidule yoyankhira, yokwana pa kakyuleta ya mufoni. Phatikizani onse amene adina, apa ndi 60. Dinani chizindikiro cha √, chimene chimapeza nambala yoti mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ibweretse 60. Mupeza pafupifupi 7.7. Uku ndiko kugwedera kwachibadwa kwa kusiyana pakati pa magulu awiriwo, kumene kumakhalapo ngakhale mitu itakhala mapasa, chifukwa wina anali ndi bandulo, wina inali itamuthera, wina mwana anamulanda foni. Kuti tiyambe kukhulupirira kuti pali chenicheni, kusiyanako kuyenera kuposa kugwederako kuwirikiza kawiri, ndiye kuti anthu 15 kapena 16. Ife tili ndi khumi. Mitu yofanana mphamvu imasiyana ndi anthu khumi kapena kuposa apo pafupifupi kamodzi pa mayeso asanu alionse otere. Njirayi imagwira ngati magulu awiriwo ndi ofanana kukula ndipo odina ndi ochepa poyerekeza ndi oona, monga zimakhalira nthawi zambiri.

Tsono onani zimene zimachitika mayeso omwewo akafika kwa anthu 2,000 mbali iliyonse, maperesenti n'kukhala omwe aja: odina 100 uku, 140 uko. Onse pamodzi 240, √ yake 15.5, kuwirikiza kawiri 31, ndipo kusiyana ndi 40. Apa ndiye pali nkhani. Pagalasi la foni chiwerengero chooneka ndi 40 peresenti yomwe ija, koma poyamba paja inali mphekesera, apa yakhala umboni. Kapitawo aliyense wa pa esiteti amazidziwa izi popanda kakyuleta: dengu limodzi likalemera pasikelo m'mawa wina, sanena kuti munda umenewo ndi wobereka kuposa unzake, chifukwa mwina masamba anali ndi mame, mwina wotchola wake ndi wamanja ofulumira.

Chosangalatsa n'chakuti nzeru yonse yoyesera zinthu motere ili ndi fungo la tiyi. M'zaka za m'ma 1920, pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, katswiri wina wasayansi, mayi Muriel Bristol, ananena kuti amatha kuzindikira polawa ngati m'kapu munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. Ronald Fisher, katswiri wa masamu wa pamalopo, anakonza mayeso amene anawafotokoza m'buku lake la mu 1935: makapu asanu ndi atatu, anayi oyamba mkaka, anayi oyamba tiyi, operekedwa mosakaniza. Wongolota akhoza kulasa onse kamodzi kokha pa maulendo 70. Koma kulasa atatu mwa anayi kapena kuposa apo kumachitika maulendo 17 pa 70, pafupifupi kamodzi pa kanayi, ndipo Fisher sakanakuwerengera ngati umboni. Imodzi mwa mfundo zake inali yoti chiwerengero cha makapu ndiponso malire a chimene tichitche kupambana zimakhazikitsidwa mayiyo asanalawe kapu yoyamba. Ndi mwambo womwewu umene bungwe lofufuza za tiyi la ku Mimosa ku Mulanje limatsata lisanauze alimi kuti mtundu wakutiwakuti ndi wabwino: timinda tingapo tobwerezabwereza, nyengo zingapo zokolola. Ndiye ife okhala pakati pa minda ya tiyi ndife oyamba kuyenera kuchita manyazi tikamagamula mlandu ndi anthu khumi.

Mfundo ya kukhazikitsiratu malireyi ndi imene eni masamba amaiphwanya kwambiri, ndipo amaiphwanya mosadziwa. Mwini tsamba amasuzumira mayeso ake mphindi khumi zilizonse, ndipo akangoona mutu wina watsogola bwino amaimitsa n'kulengeza. Zimaoneka ngati khama, koma ndi kubera. Ziwerengero zimakwera n'kutsika pamene anthu akubwera, ndipo ukazidikirira nthawi yokwanira zidzadutsa mzere mwangozi nthawi ina yake. Peter Armitage ndi anzake anawerengera izi mu 1969: mayeso amene akanakupusitsa maulendo 5 pa 100 ukawayang'ana kamodzi kumapeto, amakupusitsa maulendo pafupifupi 14 ukawasuzumira kasanu, ndi 19 ukawasuzumira kakhumi, ngati uli wokonzeka kuimitsa nthawi iliyonse pamene zakukomera. Chimodzimodzi ukaponya mitu inayi nthawi imodzi: umodzi uyenera kukhala pamwamba basi, ndipo wokhala pamwambawo nthawi zambiri umakhala utathandizidwa ndi mwayi, n'chifukwa chake mawa lake sukoka anthu ngati mmene unakokera dzulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake apa kuli ndi nambala. Lembani papepala musanayambe kuti mudikira anthu angati, ndipo musagamule asanakwane.

Wina anena, ndipo ali ndi mfundo, kuti zimenezi ndi za nyuzipepala zikuluzikulu. Kuti usiyanitse modalirika mutu wokoka anthu 5 pa 100 ndi wokoka 6 pa 100 pamafunika anthu pafupifupi 8,000 mbali iliyonse, ndipo tsamba la kwa Kapichi silingawapeze nkhani isanasase. Awonjezanso kuti ngati mitu iwiri ili yofanana, kusankha uliwonse sikuluzitsa kanthu. Ngati ili yosiyana, wotsogola ndiye ali ndi mwayi wochuluka wokhala wabwinowo. Ndikuvomera zonsezi. Pa nkhani ya lero, makina asankhe, ndipo asankhe msanga. Chimene ndikukana ndi phunziro limene munthu amatola pamenepo. Kusankha mutu wa nkhani imodzi kumatha dzuwa likamalowa, koma chikhulupiriro choti "alimi amadina akaona mawu oti alira" chimalemba mitu ya chaka chonse, ndipo tsamba lomwe linali lodziwitsa anthu mtengo wa masamba limasanduka nyumba ya maliro chifukwa cha anthu khumi a tsiku Lachiwiri lina.

Tsamba laling'ono lili ndi njira yakeyake yophunzirira, ndipo ndi yoleza mtima. Sankhani funso limodzi lokha, monga ngati kutchula dzina la dera m'mutu kumathandiza, ndipo liyeseni pa nkhani 20 zotsatizana, osasintha chithunzi kapena china chilichonse kupatula chimenecho. Musavutike ndi kukula kwa kusiyana. Ingowerengani kuti mutu wa dzina la dera wapambana kangati. Ukapambana ka 12 pa 20, palibe chimene mwaphunzira, pakuti mwayi wokha umafikitsa pamenepo kapena kupyola kamodzi pa kanayi. Ukapambana ka 15, mwayi wokha umachita zimenezo kawiri kokha pa 100, ndipo mukhoza kuyamba kulankhula. Koma muwerenge mayeso onse 20, osati kukumbukira okhawo amene anagwirizana ndi zimene munkakhulupirira kale.

Ngakhale anthu atachuluka, pamatsala funso loti magulu awiriwo anali ofananadi. Mutu wina ukaonekera m'mawa, otchola tiyi ali m'munda ndipo pafoni pali aphunzitsi ndi a m'maofesi, wina n'kuonekera madzulo anthu ataweruka, mwayesa nthawi, simunayese mutu. Wina akatenga mutu umodzi n'kuuponya m'gulu la WhatsApp la mpingo, gulu lake lakula ndi anthu amene sanasankhidwe mwamaere. Chizindikiro choyamba n'chosavuta: ngati makina ananena kuti agawa pakati, koma mbali ina yafika kwa anthu 500 pomwe ina 800, imani kaye. Izi zimagwera ngakhale akatswiri. Tsamba la ku America lotchedwa Upworthy, lomwe linatchuka ndi mitu yokopa, linachita mayeso oposa 32,000 pakati pa 2013 ndi 2015, ndipo zotsatira zake zinaperekedwa kwa ofufuza mu 2021. Patapita nthawi osunga nkhokweyo anachenjeza kuti kwa miyezi ingapo makina sanali kugawa owerenga mwamaere moyenera. Njira yotsika mtengo yoyesera makina anu ndi kuwapatsa mutu umodzimodzi kawiri n'kuona ngati alengezabe wopambana.

Ofufuza ena atasanthula nkhokwe yomweyo anapeza mu 2023 kuti liwu lililonse lomvetsa chisoni kapena loipa lowonjezedwa m'mutu limakweza kudina ndi pafupifupi 2.3 peresenti. Ndiye mnyamata wathu wa "alimi alira" sanaphonye kwenikweni mbali imene mphepo ikulowera. Waphonya kukula kwake. Chimene akatswiri anachiona ngati 2 peresenti atasanthula mitu miyandamiyanda, iye wachiyesa 40. Ndipo kudina sikutanthauza kuti mlimi wawerenga mpaka pamene pali mtengo wa kilogalamu. Facebook yomwe inalengeza mu Ogasiti 2014 kuti iyamba kuyang'ana nthawi imene munthu watha pa nkhani atadina, n'kutsitsa masamba amene anthu amabwerako msangamsanga. Choncho pambali pa odina muziwerenganso amene afika kumapeto, ndipo chiwerengero chimenecho, poti n'chocheperapo, chimafuna anthu ambiri kuposa poyamba paja chisanadutse mzere wa √.