Bekale yatsopano iyambire ku maokala

Amene mukutsegula bekale m'dera ngati Ndirande kapena Area 25, musathamangire ku wailesi. Uthenga wanu ukafika ku Karonga, koma wa ku Karonga sadzabwera kudzagula sikono. Buledi amagulidwa pafupi, m'mawa, madzi a tiyi ali kale pamoto. Choncho kasitomala wanu woyamba ndi mwini okala, golosale ndi tiyirumu zimene kabaza angafikeko buledi asanazizire.

Tiyerekeze kuti mwapatula K300,000 yotsatsira malonda kwa miyezi itatu. Ine ndingaike K120,000 pa zolawitsa, chifukwa pakamwa ndi pamene pamaweruza. K70,000 ipite ku chikwangwani chooneka bwino kuchokera pamsewu, cholembedwa nambala ya foni ndi nthawi imene buledi amaphulidwa. K60,000 ikhale ya wakabaza woperekera katundu, K20,000 ya bandulo, ndipo K30,000 yotsalayo muisunge, poti mtengo wa ufa wa tirigu sukhalira pamodzi.

Kutatsala masabata awiri kuti mutsegule, mapepala a kukhonsolo ndi a Malawi Bureau of Standards ali m'manja, yendani nokha m'maokala khumi ndi asanu mutanyamula mabanzi otentha. Musatume mwana. Mwini okala amafuna kuona nkhope ya amene adzamudandaulire buledi akachedwa, ndipo mafunso ake ndi awiri basi: "Ndipindulapo zingati pa lofu?" ndi "Wotsala mudzatenga?" Mayankho mupite nawo okonzeka. Lembani manambala awo, muwaike pa gulu la WhatsApp loodera madzulo alionse, kulipira kukhale pa Airtel Money kapena Mpamba.

Sabata lotsegulira, lawitsani tizidutswa pa siteji ya minibasi m'mamawa ndi pa geti la tchalitchi Lamulungu. Mtengo wokha musatsitse. Anthu akazolowera wotsika, tsiku lokweza adzati mwayamba kuba.

Mwezi wachiwiri ndi wa kope. Tsiku lililonse lembani amene waoda, kuchuluka kwake, ndi zimene zabwerera. Oda yoyamba imangosonyeza ulemu wa pachinansi. Yachitatu ndiyo imakuuzani kuti buledi akuyenda. Ngati mwa maokala aja asanu okha ndiwo akubwereza, musaonjezere zotsatsa, pitani mukafunse. Kawirikawiri mupeza kuti kabaza akufika 7 koloko ana atapita kale kusukulu, kapena sikono yachepa poyerekeza ndi ya anzanu. Pa malofu khumi alionse pakamabwerera oposa limodzi, chepetsani zimene mukusiya pamalopo.

Ngongole ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri. "Ndikupatsani mawa, achimwene" akachuluka, mpamba wa ufa umathera m'mashelefu a eni ake. Lamulo likhale loti katundu wa lero amatsika wa dzulo atalipiridwa.

Masukulu, maukwati ndi misonkhano muziyambe mwezi wachitatu, mutatsimikiza kuti uvuni wanu ukukwanitsa maoda a m'mawa ngakhale usiku umene magetsi athima.