Mamita 50 si theka la hekitala

Pali cholakwa chimodzi cha masamu chimene chimadya ndalama za alimi mwakachetechete, ndipo ndikuona kuti tiyenera kuchithetsa mlimi asanaphunzire china chilichonse chokhudza feteleza. Munthu akamva kuti hekitala ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi, amaganiza kuti munda wa mamita 50 mbali zonse ndi theka la hekitala. Munda woterowo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, womwe kuno ku Zambia timautcha lima.

Kukula kwa munda kumapezeka pochulukitsa m'litali ndi m'lifupi. Hekitala ndi 100 × 100, kutanthauza masikweya mita 10,000. Lima ndi 50 × 50, omwe ndi 2,500. Jambulani hekitala pansi ndi kamtengo, mudule pakati cham'litali, mudulenso pakati chopingasa. Mupeza zigawo zinayi, chilichonse cha mamita 50 mbali zonse. Pamenepo mwaona chifukwa chake kuwirikiza kawiri mbali za munda kumaukulitsa kanayi: wakula kawiri m'litali, ndipo kukulako kwawirikizidwanso kawiri m'lifupi. Mukatalikitsa mbali imodzi yokha, monga 50 × 100, ndiye kuti mwaukulitsa kawiri basi, ndipo limenelo ndilo theka lenileni la hekitala.

Ena anganene kuti izi ndi za alimi a minda ikuluikulu ya ku Chisamba, osati za munthu wa ku Kanyama kapena ku George amene amalima repu kuseri kwa nyumba. Ine ndikuti wa m'komboniyo ndi amene akufunika masamuwa kwambiri, chifukwa malangizo ambiri amalembedwa pa hekitala pamene iye alibe ngakhale lima.

Tiyeni titenge dimba la chimanga chachiwisi ku Mtendere, la mamita 10 mbali zonse. Limeneli ndi masikweya mita 100, ndipo tikagawa ndi 10,000 tipeza kuti ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a hekitala. Muyezo wodziwika wa chimanga ndi matumba anayi a feteleza wokulitsa wa D Kompaundi pa hekitala, omwe ndi makilogalamu 200. Dimbali likufuna makilogalamu 2. Tsopano mwini wake wabwereka malo oyandikana nawo, dimba lafika mamita 20 mbali zonse. Mumtima mwake akuti lakula kawiri, nagula makilogalamu 4. Koma 20 × 20 ndi 400, ndipo pakufunika makilogalamu 8. Chomera chilichonse chidzalandira theka la chakudya chake, kapena feteleza adzathera pakati pa dimba, ndipo mwiniyo adzayamba kudandaula kuti wogulitsa anamubera pa sikelo.

Madzi ndiwo amapweteka koposa. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Ngati mu Okutobala mufuna kuthirira mamilimita 5 pa tsiku, dimba loyambalo limamwa malita 500, omwe ndi zigubu 25 za malita 20. Dimba lokulitsidwalo limamwa zigubu 100. Aliyense amene anaimapo pamzere wa pa mpopi ku Chawama akudziwa kuti zigubu 100 pa tsiku si ntchito ya banja limodzi. Dimba lotere limafota pakati pa nyengo, mbewu ndi feteleza zitagulidwa kale.

Chimene chimasokeretsa maso ndi mpanda. Kuzungulira dimba loyambalo ndi mamita 40, lachiwirilo ndi mamita 80. Mpanda wakuladi kawiri, ndipo munthu amene wagula waya kapena wadula udzu womangira amakhulupirira kuti zonse zakula motero. Mpanda umatsata mbali za munda, pamene mbewu, feteleza, madzi ndi ntchito yopalira zimatsata nthaka ya m'kati.

Lamulo lomweli limakulitsanso cholakwa cha poyeza. Ambiri amayeza ndi mapazi, akumati phazi limodzi ndi mita imodzi. Ngati phazi lanu ndi masentimita 80, mapazi 50 ndi mamita 40 okha. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma 40 × 40 ndi 1,600, osati 2,500. Mukabwereka munda ku Chongwe pa mtengo wa lima mutayeza motero, mwalipira masikweya mita 900 amene kulibe. Nchifukwa chake ndimalangiza kuti wophunzira aliyense akhale ndi chingwe chake cha mamita 25, choyezedwa ndi tepi ndiponso chomangidwa mfundo pa mita iliyonse, ndipo achiyezenso chaka ndi chaka popeza chingwe chimatamuka. Munda ukakhala wokhotakhota, ugaweni m'zigawo za ngodya zinayi zowongoka, muwerengere chilichonse pachokha, kenaka muphatikize. Wogulitsa kapena wobwereketsa akatchula mahekitala, chulukitsani ndi 10,000 muli pomwepo, mutambasule chingwe ndalama zisanatuluke m'thumba.