Chizindikiro cha buluu pa chithunzi si umboni woti akaunti ndi yeniyeni

Munthu akalandira pa WhatsApp chithunzi cha akaunti ya nduna, banki kapena woimba wotchuka, maso amathamangira pa zinthu ziwiri: kachizindikiro ka buluu pambali pa dzina, ndi chiwerengero cha anthu otsatira akauntiyo. Zikaoneka zonse ziwiri, ambiri amakhulupirira uthengawo, ena mpaka kutumiza ndalama pa foni kuti alembedwe ntchito kapena alandire ngongole. Koma ziwirizi sizinena zomwe anthu amaganiza kuti zikunena.

Vuto loyamba ndi chithunzi chenichenicho. Aliyense amene ali ndi kompyuta angathe kutsegula tsamba la akaunti, n'kusankha Inspect, kenako n'kusintha dzina, mawu ndi manambala ooneka pa sikirini yake yokha asanajambule. Otsatira 300 amasanduka 300,000 m'kamphindi, ndipo chithunzicho chimatuluka choyera, chopanda chipsera, chifukwa zilembo zake ndi za tsamba lomwelo.

Ngakhale chithunzi chikhale chosasinthidwa, tanthauzo la chizindikirocho linasintha. Kale kampani ya Twitter, yomwe tsopano ndi X, inkachipereka ikatsimikiza kuti mwini akaunti ndi munthu kapena bungwe lodziwika. Mu Novembala 2022, Elon Musk atangogula kampaniyo, chinayamba kugulitsidwa pa madola 8 pamwezi.

Zotsatira zake sizinachedwe. Pa 10 Novembala 2022, akaunti ina ya chizindikiro cha buluu, yokhala ndi dzina komanso chithunzi cha kampani ya mankhwala ya ku America ya Eli Lilly, inalengeza kuti mankhwala a matenda a shuga a insulini tsopano ndi aulere. Uthengawo unakhala pa tsambalo kwa maola angapo ndipo anthu zikwizikwi anaufalitsa, mpaka kampaniyo inachita kupepesa kudzera pa akaunti yake yeniyeni.

Phunziro lalikulu pa nkhaniyi lili pa dzina loyamba ndi @. Dzina lalikulu la pamwamba aliyense angalikopere, koma la @ limakhala la akaunti imodzi yokha. Akaunti yabodzayo inali @EliLillyandCo, pomwe yeniyeni pa nthawiyo inali @LillyPad. Munthu wongoyang'ana ndi maso akanasankha yabodzayo, popeza ndiyo inkafanana kwambiri ndi dzina la kampani. Choncho dzina la @ silimayezedwa ndi maonekedwe ake. Limayezedwa poliyerekeza, chilembo ndi chilembo, ndi lomwe bungwelo linaika pa webusaiti yake, pa makalata ake kapena pa zikwangwani za nthambi zake.

Lero pa X chizindikiro cha buluu kawirikawiri chimangosonyeza kuti mwini akaunti amalipira. Mabungwe otsimikizidwa amapatsidwa cha golide, pomwe maboma ndi akuluakulu awo amapatsidwa chotuwa. Pa Facebook ndi Instagram namonso chimagulidwa kuyambira mu 2023, ngakhale kuti kumeneko munthu amafunsidwa chiphaso cha boma.

Chiwerengero cha otsatira n'chofooka kuposa apa. Otsatira amagulidwa, ndipo ambiri mwa iwo amakhala maakaunti opanda munthu weniweni kumbuyo kwake. Njira ina ndi yotsegula tsamba la nthabwala kapena la mpira, likadzaza ndi anthu n'kulisintha dzina kukhala la banki. Otsatirawo ndi enieni, koma sanabwerere bankiyo.

Ntchito ya chithunzi, tsono, ndi imodzi: kupereka dzina la @ loti munthu akalifufuze yekha. Alilembe m'bokosi lofufuzira la X kapena Facebook, osadina linki yobwera ndi uthengawo. Akaunti ikapezeka, aone ngati chizindikirocho chilipodi ndipo achidine, chifukwa chenicheni chimatsegula mawu ochifotokoza. Pa X, mawu oti Joined amasonyeza mwezi ndi chaka chomwe akaunti inatsegulidwa. Pa Facebook, gawo la Page transparency limasonyeza tsiku lomwe tsamba linatsegulidwa ndi mayina omwe linali nawo kale. Banki ya zaka makumi angapo yomwe tsamba lake linkatchedwa dzina lina mwezi watha ndi yokayikitsa. Pomaliza, aone ngati uthenga wa pa chithunzicho ulipo pa akauntiyo.

Njirayi ili ndi malire ake. Mu Julayi 2020, akuba analowa m'maakaunti enieni a Barack Obama, Bill Gates ndi ena n'kupempha anthu kuti atumize ndalama za Bitcoin. Dzina, chizindikiro ndi otsatira zonse zinali zoona. Chabodza chinali uthenga. N'chifukwa chake uthenga wopempha ndalama kapena nambala yachinsinsi uyenera kutsimikizidwa poimba foni pa nambala yomwe munthu akuidziwa kale, kapena popita ku ofesi ya bungwelo, asanatumize ngakhale tambala imodzi.