Chenjezo: Tcherani Misampha m'Mafoda a Ofesi Lero

Pa 9 Meyi 2022 makompyuta ena a Banki Yaikulu ya Zambia anasokonezeka. Gulu la mbava lotchedwa Hive linali litalowamo. Kumayambiriro kwa 2024 Malawi anakhala milungu ingapo osasindikiza mapasipoti, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina alowereredwa. Ngati mbava zinafika m'malo otetezedwa chonchi, kampani yaing'ono ya ku Garneton yogulitsa zipangizo kumigodi ya ku Kitwe siingadzinamize kuti ili bwino.

Nthawi zambiri mbava zoterezi sizitseka makina tsiku lomwe zalowa. Zimayamba zafufuza m'mafoda amene ofesi yonse imagawana, kufuna ndandanda ya malipiro, makontirakiti ndi mapasiwedi. Masiku amenewo ndiwo mpata wanu wozigwira. Mukauphonya, mudzadziwa mafayilo atakopedwa kale, makina atatsekedwa, uthenga wofuna dipo uli pasikirini.

Msampha ulipo, ndipo ndi waulere. Kampani ya Thinkst ya ku South Africa inauika pa `canarytokens.org`. Sankhani fayilo ya `Microsoft Word`. Lembani imelo yolandirira chenjezo, ndi mawu okukumbutsani foda imene mwaikamo fayiloyo. Mawuwa musawadumphe. Chenjezo likafika pakati pa usiku, ndiwo adzakuuzeni kumene wakuba ali.

Ipatseni fayiloyo dzina lokopa, monga `Malipiro_a_Mabwana.docx`, ndipo muiike mufoda ya akawunti, pamene wantchito aliyense alibe chifukwa choitsegulira. Mkati mwake muli ulalo wobisika. Munthu akaitsegula, pulogalamu ya Word imaitana ulalowo, inu n'kulandira imelo yonena nthawi ndi adiresi ya intaneti kumene yatsegulidwira. Foda iliyonse ikhale ndi msampha wakewake. Uyeseni nokha kamodzi, muone ngati imelo ikufikadi pafoni panu.

Koma msamphawu uli ndi malire. Suletsa kuba, umangokudzutsani. Wakuba akakopa fayiloyo osaitsegula, kapena akaitsegula pa kompyuta yopanda intaneti, simumva kanthu. Nthawi zina `Protected View` imautsekanso pakamwa. Choncho onjezani msampha wa `Windows folder`, umene ungalire munthu akangolowa mufodamo, ngakhale sugwira ntchito pa makompyuta onse. Mapulogalamu osaka mavairasi amathanso kuuliza popanda wakuba, n'chifukwa chake chenjezo lililonse mulifufuze gwero lake.

Likafika chenjezo, musafufute kalikonse. Funsani msanga ngati pali wantchito amene watsegula. Ngati palibe, onani mbiri ya seva kuti mudziwe akawunti yomwe yagwira fayiloyo, ndipo mbiriyo muiyatsiretu lero. Chotsani kompyuta yokayikitsayo pa netiweki ndipo musinthe mapasiwedi. Lamulo la Zambia loteteza uthenga wa anthu la 2021 likufuna kuti mudziwitse Komishinala woteteza uthengawu pasanathe maola 24 ngati uthenga wa anthu wakhudzidwa.

Masukulu, zipatala, makhonsolo ndi mabizinesi, tcherani msampha woyamba musanaweruke lero, ndipo musankhe munthu mmodzi amene aziona imeloyo usana ndi usiku.