Chithunzi chanu chili ndi dzina?

Aphunzitsi anzanga, tisiyeko chizolowezi choika zithunzi pa intaneti zili ndi maina ngati IMG_0457.jpg. Dzina lotereli silimuuza Google kanthu. Mwana wa Fomu 3 akamafufuza chithunzi cha phiri la Mulanje, salemba 0457 ayi.

Musanachiike, chisintheni dzina chikhale phiri-la-mulanje-sapitwa.jpg, malembo ang'onoang'ono, mawu olekanitsidwa ndi timizere. Pansi pake lembani chiganizo chathunthu: "Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, mamita 3,002." Zongolemba kuti "Kukongola kwake!" n'kutaya malo.

M'bokosi la alt fotokozani zomwe zikuoneka pachithunzipo, kamodzi basi. Ena amabwereza "Mulanje" kasanu poganiza kuti achenjera. Google amakuona kubwerezako ngati chinyengo, ndipo wosaona amene kompyuta ikumuwerengera mawuwo mwangomusokosera.