Mawu Obwereka Asamayende Okha

Chinyanja chinalowa m'sukulu za ku Tete pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 boma linatsegula njira yophunzitsa m'zilankhulo ziwiri. M'mabuku timasamala mawu, koma uthenga wopita kwa makolo timaulemba mothamanga. Ku Tsangano ndi ku Makanga zimenezi zili ndi vuto lake, pakuti Chinyanja cha kuno chinabwereka mawu ku Chipwitikizi cha kusukulu ndiponso ku Chingerezi chodzera ku Malawi, m'misika ya m'malire ndi pa wayilesi.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi watumiza uthenga uwu pa foni: "Makolo a ana a kalasi 2 abwere Lachisanu ndi mafomu."

Mawu akuti "fomu" ndi a Chingerezi. Amatanthauza pepala lolembapo dzina ndi zaka za mwana, komanso amatanthauza mpando wautali wathabwa. Popeza misonkhano yambiri imachitikira pansi pa mtengo, kholo limene lasenza mpando silinalakwe kumva. Koma pepala latsala kunyumba, ndipo dzina la mwana sililowa m'kaundula tsiku limenelo. "Kalasi" nayonso ili pawiri. Amene anaphunzira m'Chipwitikizi amamva chaka chachiwiri cha sukulu, pamene amene anaphunzira ku Malawi chakacho amachitcha "sitandade", ndipo akhoza kumva chipinda chachiwiri.

Ena amati mankhwala ake ndi kuchotsa mawu onse obwereka. Ife sitikugwirizana nawo. Tikalemba "chikalata" m'malo mwa "fomu", kholo lidzafunsa ngati tikunena cha kubadwa, cha kuchipatala kapena cha kwa amfumu. Mawu obwerekawo anthu anawazolowera, ndipo nthawi zambiri ndi amene amalozera chinthu chenichenicho.

Choyenera kuyang'ana ndi mawu oyandikana nawo. Munthu amalemba pa fomu yapepala, amakhala pa fomu yathabwa, ndipo mneni yekhayo amathetsa chikayiko. Koma "kubwera ndi" kumalola zonse ziwiri. Polankhulana maso ndi maso womvera amafunsa pomwepo. Uthenga wa pa foni sufunsika, ndipo kawirikawiri umawerengedwa ndi mwana kapena mnansi, nufika kwa mwini wake utadutsa pakamwa pena.

Choncho musanatumize, pezani mawu aliwonse obwereka, mudzifunse kuti kholo la mbali iyi ndi la mbali inayo lidzachita chiyani likawamva. Ngati zochitazo zili ziwiri, onjezani mneni kapena mawu ofotokozera. Uthenga uja ukhale wotere: "Makolo a ana a chaka chachiwiri abwere Lachisanu ndi mafomu aja tinawapatsa, atalembapo maina a ana." Watalikirako pang'ono, koma palibe amene adzasenze mpando.

Ana nawonso aphunzitseni njira yomweyi. Apatseni mawu akuti "fomu", apange ziganizo ziwiri, kenaka anzawo anene mawu amene awathandiza kuzindikira tanthauzo lake.